Sikelo Ikanama, Manja Amanena Zoona

M'mawodi a chipatala cha Kamuzu Central kuno ku Lilongwe, monganso m'zipatala zina, osamalira odwala amakonda kufunsa funso limodzi: "Kodi sikelo yakwera?" Ikakwera, mtima umakhala pansi. Koma sikelo siisiyanitsa mnofu ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo munthu wonyentchera akhoza kusunga malita angapo m'miyendo ndi m'mimba uku minofu ikutha. N'chifukwa chake namwino kapena katswiri wa kadyedwe amamuyeza wodwala ndi maso ndi manja pabedi pomwepo, kufufuza zinthu zitatu: kutha kwa minofu, kutha kwa mafuta, ndi kutupikana.

Tiyerekeze bambo wa zaka 45 amene wagonekedwa ndi chifuwa chachikulu. Buku lake la kuchipatala likusonyeza kuti miyezi 6 yapitayo ankalemera makilogalamu 60. Lero sikelo yanena 57. Wataya atatu okha, ndipo abale akuti zinthu sizinaipe kwenikweni.

Woyeza amayamba ndi kupempha: "Bambo, ndikufuna ndikugwireni m'mutu, m'mapewa ndi m'miyendo, mundilola?" Amatseka katani, kusamba m'manja, ndi kumukhazika wodwalayo ngati angathe. Kuwala kuyenera kukhala kokwanira, ndipo malaya ndi bulangete zichoke pamalo amene akuyezedwa. Kuyeza munthu atafunda n'kungodzinamiza.

Amayambira kumtunda chifukwa madzi amatsikira pansi, choncho nkhope ndi mapewa sizibisa zambiri. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, muli mnofu wotafunira. Woyeza amaikapo zala n'kuuza wodwala kuti alumanitse mano. Mwa munthu wathanzi mnofuwo umatukuka n'kukankha zala. Mwa bambo athuwa pali dzenje, ndipo chala chikukhudza fupa. Fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi latulukiratu moti zala zikulowa kuseri kwake. Phewa, lomwe limayenera kukhala lobulungira, lasanduka la ngodya ngati kona ya tebulo. Pomaliza amawauza kuti apanikize chala chachikulu ndi chamkombaphala: kamnofu ka pakati pa zala ziwirizi, kuseri kwa dzanja, kamayenera kutukuka, koma apa palowa.

Maso okha sakwanira. Azimayi ambiri owonda mwachibadwa fupa la m'munsi mwa khosi limaoneka ndithu popanda vuto lililonse, ndiye chofunika n'kugwira ndi kumva ngati mnofu uli wolimba kapena wawefuka ngati chingwe chotha. Ayeneranso kuyeza mbali zonse ziwiri. Njala imadya thupi mofanana kumanja ndi kumanzere. Mkono umodzi wokha ukafota, ganizirani za sitiroko, poliyo yakale kapena mtsempha wovulala.

Mafuta amayezedwa m'malo atatu: pansi pa maso, kuseri kwa mkono, ndi panthiti. Kuseri kwa mkono n'kumene ambiri amalakwitsa. Wodwala apinde chigongono, woyeza atsine khungu pakati pa phewa ndi chigongonocho, n'kulipukusa pang'ono pakati pa zala kuti mnofu uchokemo, patsale khungu ndi mafuta okha. Zala zikatsala pang'ono kukhudzana, mafuta atha. Wotsina pamodzi ndi mnofu amapeza chinthu chochindikala n'kulemba kuti zonse zili bwino. Maso olowa nawonso amasokoneza, popeza munthu wotsekula m'mimba amene watha madzi m'thupi amaoneka chimodzimodzi. Pamenepo onani lilime ngati lauma, ndipo funsani za mkodzo.

Tsopano kumapazi. Woyeza amagwira mapazi onse awiri, n'kusindikiza zala zake zazikulu za m'manja pamwamba pa mapaziwo nthawi imodzi, kwa masekondi atatu athunthu. Awerenge pang'onopang'ono, chifukwa kungogunda n'kuchotsa sikusiya chizindikiro. Mphamvu yake ikhale yokwanira kukankha madzi koma osapweteka. Akachotsa zala n'kutsala maenje mbali zonse ziwiri, kumeneko ndiye kutupikana. Ngati kuwala kuli kochepa, apititse chala pamalopo, dzenjelo limamveka ngakhale lisakuoneka. Kenaka akwere, kusindikiza pamsongolo, pantchafu ndi pamanja, mpaka apeze pamene madzi alekezera. Pakhadi amalemba + ngati ali mapazi okha, ++ ngati afika m'miyendo ndi m'manja, ndipo +++ ngati ndi thupi lonse mpaka kumaso.

Pali malo ena amene amaiwalika kawirikawiri. Munthu amene wagona chagada masiku ambiri, madzi ake satsikira kumapazi, amasonkhana kumunsi kwa msana, pamwamba pa matako. Mapazi akhoza kuoneka abwinobwino. Mutembenuzeni agonere m'mbali, musindikize pamenepo. Mukatero mumaonanso ngati zilonda za pabedi zayamba.

Mwa bambo athu, maenje atsala m'mapazi, m'misongolo ndi kumsana. Katumba akuoneka wonenepa, koma ndi madzi, choncho kuyeza kukula kwake ndi tepi kulibe phindu lero. Bwino kuyeza mkono wakumtunda, pakatikati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, mkono uli lende, tepi yosamangitsa komanso yosakhwepa. Patapita masiku akulandira chithandizo, madzi aphwa ndipo sikelo yanena 51. Abale akuda nkhawa kuti akutsika, pamene zoona zake n'zakuti malita 6 a madzi achoka. Thupi lenileni linataya makilogalamu 9 pa 60, omwe ndi magawo 15 pa 100 alionse m'miyezi 6. Kutaya kopitirira magawo 10 pa nthawi yotereyi n'kunyentchera koopsa, ndipo manja anali atanena kale zimenezi tsiku loyamba.

Si kutupa kulikonse kumene kumayamba chifukwa cha njala. Mtima wofooka, impso ndi chiwindi zimatupitsanso miyendo yonse iwiri, ndipo mayi woyembekezera amene watupa kumaso ndi m'manja afunika kuyezedwa kuthamanga kwa magazi msanga. Mwendo umodzi wotupa, wotentha ndi wopweteka ukhoza kukhala ndi magazi oundana kapena matenda a pakhungu. Kwa munthu wamkulu, dokotala amayeza mkodzo ndi magazi ndi kumvetsera mtima asananene kuti gwero ndi chakudya. Nthawi zina zimakhala zonse ziwiri.

Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59 lamulo ndi lolimba kwambiri. Maenje m'mapazi onse awiri amatengedwa ngati kunyentchera koopsa, kaya sikelo ikunena chiyani, kaya kalamba ka mitundumitundu koyezera mkono kali pobiriwira. Kalambako kakakhala pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, ndi chimodzimodzi. Masaya otupa amapusitsa agogo kuti mwana wanenepa, koma mukamuvula mupeza nthiti zowerengeka ndi khungu la matako likulendewera ngati kabudula wamkulu. Wotupa thupi lonse, kapena amene akukana chiponde, amagonekedwa ndipo amayamba ndi mkaka wapadera wa kuchipatala wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Sapatsidwa mankhwala okodzetsa kuti aphwe, ndipo samuthira chakudya chambiri nthawi imodzi, chifukwa mtima wake nawo ndi mnofu umene wawonda ndipo ukhoza kulephera. Mayi auzidwiretu kuti m'masiku oyambirira sikelo itsika pamene madzi akuchoka, ndipo idzayamba kukwera mapazi akaphwa.