Chifukwa chake mdzukulu ndiye amalakatula pa maliro a agogo

Masiku ano pa maliro a agogo, mbiri ya malemu ikangowerengedwa, woyendetsa mwambo amakonda kuitana mdzukulu mmodzi kuti alakatule ndakatulo. Akuluakulu ena amadandaula kuti izi n'zachilendo, zobwera ndi sukulu. Pepalalo ndi zokuzira mawuzo n'zatsopanodi, koma malo amene mdzukuluyo waima ndi ake kuyambira kale.

Pakati pa Achewa, munthu amachita manyazi ndi makolo ake, koma ndi agogo amaseka nawo momasuka. Gogo amatcha mdzukulu wamwamuna kuti "amuna anga", wamkazi n'kumamunena kuti akufuna kumulanda banja. Atsikana akasinkhuka ankakagona ku kuka, kunyumba ya agogo, ndipo kumeneko n'kumene ankamva nthano, zilapi ndi malangizo amene mayi wowabala sakanatha kuwauza. Nthawi zambiri mwana ankapatsidwanso dzina la agogo ake.

Pa maliro chibale chimenechi chimasanduka ntchito. Ana a malemu ndi anamfedwa: amakhala m'siwa, amalira, ndipo palibe amawatuma. Okonza thupi, kukumba manda ndi kukwirira amatchedwa adzukulu, ngakhale kuti kawirikawiri amakhala anthu a mabanja ena a m'mudzimo. Iwowa ali ndi ufulu wocheza ndi kuseka kumanda pamene ena onse ali khuma, ndipo palibe amawadzudzula. Mwambo unaona kuti pamaliro pamafunika wina woti chisoni chisamufoole. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba amachita zofanana pa chimbuya, chibale chawo chanthabwala, mpaka kupakana ufa pamaliro kuti ofedwa amwetulireko.

Kulemba kunadza ndi amishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anatsegula Mvera mu 1889. Maliro achikhristu anabweretsa nyimbo za m'buku, ulaliki ndi ndondomeko ya oyankhula, ndipo m'kupita kwa nthawi mbiri ya malemu inayamba kulembedwa papepala. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ana ambiri anakula akuloweza ndakatulo m'kalasi ndi kuzimva pa wailesi. Choncho m'mabanja ambiri wodziwa kulemba ndi kulakatula anali mdzukulu, yemwe mwambo unali utamulola kale kunena za agogo mopanda mantha.

Apa m'pamene ndimaona kuti olemba ambiri amaphonya. Amayamba ndi kukalipira imfa: "Imfa iwe, ndiwe wankhanza, watisiya ndi yani?" Mawu amenewo ndi a maliro olira amayi m'siwa, ndipo kumeneko amakhala bwino. Mdzukulu akawanena pagulu, amayi ake amayamba kulira mokweza, azakhali n'kulandira, iye mwini mawu n'kumutsamwa, ndakatulo n'kuthera pakati. Choopsa kwambiri ndi mzere wofunsa kuti "ndani wachita izi?", chifukwa kumudzi funso lotero limamveka ngati kuloza munthu ufiti, ndipo mkangano wake umapitirira ngakhale atameta.

Mdzukulu wina wamkazi, pa maliro a agogo ake a Chigwirizano, anachita mwanzeru. Sanabwereze chaka chobadwa kapena chiwerengero cha ana, poti zimenezo amalume anali atawerenga kale. Anasankha zinthu zitatu zimene aliyense pamalopo anazionapo ndi maso, ndipo anayankhula ndi agogowo ngati ali pomwepo. Ina mwa mizere yake inali iyi:

Agogo, mfundo ya pa chitenje chanu inali banki yathu,
munkaimasula ndi mano, n'kuti "usakauze amako."
Mlendo sankadutsa pakhomo panu osalawa chigumu,
ndipo mbeu ya nyemba munatisiyira m'chikho ija
tidzala mvula yoyamba ikagwa.

Pa mzere wachiwiri anthu anaseka, ngakhale a m'siwa, chifukwa mdzukulu aliyense anauzidwapo mawu omwewo. Misozi inalipo, koma sinamulande mawu. Chisoni anachitchula kamodzi kokha, chapakati, kuti khonde la agogo likhala lopanda munthu madzulo, kenaka n'kubwerera ku zimene agogowo asiya m'manja mwa amoyo.

Kutalika nakonso n'kofunika. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, amfumu ndi abusa asanayankhule, adzukulu akudikira kumanda. Mizere 16 kapena 20 ndi yokwanira. Wolakatula aiwerenge mokweza usiku wa pa siwa, ndipo mzere umene ukumuliza nthawi iliyonse akafikapo ausinthe kapena aupereke kwa msuweni wake, amene aime pambali pake ndi pepala lachiwiri. Ayambenso wauza mwinimbumba ndi abusa, chifukwa mipingo ina salola zolankhula zambiri m'kati mwa mapemphero. Zikatero ndakatuloyo imawerengedwa kunyumba thupi lisananyamuke, kapena imasungidwa mpaka tsiku lovundukula chiliza.