Mawu oti "konkire wolimba" sateteza mwini nyumba

"Ndikalemba mu mgwirizano kuti konkire akhale wolimba, wa 1:2:4, sizokwanira?"

Ayi. Ambiri kuno ku Tete takhala tikulemba choncho, koma 1:2:4 amangonena za simenti, mchenga ndi miyala, za madzi sanenapo kanthu. Dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, konkire amauma msanga, mmisiri n'kuthiramo ndowa ina yamadzi kuti afewe. Mphamvu imatsikira pomwepo, chikhalirecho mmisiriyo sanaphwanye mawu alionse a mgwirizano. Mudzam'gwira pati?

Lembani zoti zingayezedwe. Mwachitsanzo, pa silabu lembani mlingo wa mphamvu ya konkire wa C25/30, ndipo onjezani kuti madzi asapitirire malita 25 pa thumba la simenti la makilogalamu 50, kuwerengera ndi chinyezi cha mumchenga, chimene ambiri amachiiwala. Nenaninso kuti tsiku lililonse lothira konkire mmisiri aumbe timabokosi ta konkire titatu ta mamilimita 150, tisungidwe m'madzi, tikaphwanyidwe ku labu pa tsiku la 28. Nambala 30 ija ndi mphamvu ya timabokosi timeneti mu MPa, muyezo wa mphamvu ya konkire, pamene 25 ndi ya konkire yemweyo akaumbidwa ngati silinda.

Mulembenso amene adzalipire kuboola silabu n'kuyezanso ngati timabokosito talephera.