Mwagonana kamodzi mosadziteteza: kodi mimba ingabwere?

Achemwali, ngati mukuwerenga izi mtima uli m'mwamba, yankho lake nali: inde, mimba imatha kubwera pa kugonana kamodzi kokha, ngakhale kutakhala koyamba m'moyo wanu, koma nthawi zambiri siibwera. Pa amayi 100 amene agonana kamodzi mosadziteteza, osayang'ana kuti linali tsiku liti la mwezi wawo, amene amatenga pakati ndi pafupifupi 3 mpaka 5. Chiwerengero chimenechi ndi cha amayi onse pamodzi. Chanu chikhoza kukhala chokwera kapena chotsika, malinga ndi tsiku limene zinachitika.

Chifukwa chake n'chakuti thupi la mayi silikhala lokonzeka kutenga pakati mwezi wonse. Dzira limatuluka kamodzi pamwezi, ndipo likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Mbewu ya abambo ndiyo imakhalitsa, chifukwa imatha kudikira m'thupi mwanu mpaka masiku asanu. Choncho masiku otenga pakati alipo pafupifupi 6: masiku asanu dzira lisanatuluke, ndi tsiku limene latulukalo. Ambiri amaganiza kuti choopsa ndi kugonana dzira litatuluka kale, pamene masiku oopsa kwambiri ndi awiri omaliza lisanatuluke komanso tsiku lotulukalo. Pa masiku amenewa, mwa amayi atatu kapena anayi aliwonse, mmodzi amatenga pakati. Kunja kwa masiku 6 aja, kuthekera kumakhala kochepa zedi.

Tiyeni tiwerenge ndi chitsanzo. Tsiku loyamba kuona magazi a msambo ndilo tsiku 1, ndipo dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe. Tiyerekeze mtsikana amene amasamba pakatha masiku 28 aliwonse. Iyeyu dzira lake limatuluka cha pa tsiku 14, ndiye kuti masiku ake oopsa ndi kuyambira tsiku 9 mpaka 14. Ngati anayamba kusamba pa 1 mwezi uno n'kugonana pa 12, zinachitika pa nthawi yoopsa kwambiri, ndipo ayenera kuchitapo kanthu lero lomwe. Ngati anagonana pa 24, dzira linali litafa kalekale, ndipo mimba ndi yokayikitsa kwambiri.

Koma mnzake amene amasamba pakatha masiku 24 ndi wosiyana. Dzira lake limatuluka cha pa tsiku 10, masiku oopsa n'kuyamba pa tsiku 5, pamene mwina magazi sanathe n'komwe. N'chifukwa chake mawu akuti "ndinali nditangomaliza kusamba" sakutanthauza kuti zonse zili bwino. Ndiponso dzira silisunga tsiku ngati wotchi. Ngakhale kwa mayi amene amasamba mosaphonya, limatha kufulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo, ndipo kwa atsikana achichepere kusinthasintha kumeneku n'kofala. Kuwerenga masiku kumathandiza kudziwa kukula kwa vuto, koma ine sindingakulangizeni kudalira kuwerenga kokha n'kukhala pansi. Chizindikiro china chothandiza ndi chikazi: ngati pa masiku amenewo chinali choyera, choterera ndi chotamuka ngati choyera cha dzira losaphika, dziwani kuti dzira linali pafupi kutuluka.

Tsopano funso lofunika ndi lakuti, papita maola angati? Ngati sipanathe masiku asanu, mukhoza kupewabe mimba. Pali mapiritsi olera apangozi. Odziwika kwambiri ali ndi mankhwala otchedwa levonojesitirelo, mamiligiramu 1.5, omwa kamodzi. Amagwira bwino ntchito mkati mwa maola 72, ndipo kumwa msanga ndiko kwabwino, osadikira kuti mawa. Ena, a yulipirisito, mamiligiramu 30, amagwira mpaka maola 120. Mapiritsi amenewa amachedwetsa dzira kuti lisatuluke mpaka mbewu ya abambo itafa. Sachotsa mimba yomwe yakhazikika, ndipo sachititsa kuti mudzalephere kubereka m'tsogolo. Malire ake ndi akuti ngati dzira linali litatuluka kale, sathandiza. Njira yamphamvu kuposa zonse ndi lupu ya kopa, yoikidwa m'chiberekero ndi wazaumoyo mkati mwa masiku asanu. Pa amayi 100 oikidwa lupu motere, amene amatenga pakati safika ndi mmodzi yemwe.

Mukasanza pasanathe maola awiri mutamwa piritsi la levonojesitirelo, kapena maola atatu mutamwa la yulipirisito, mufunika kumwanso lina. Dziwaninso kuti piritsi limeneli likuteteza kugonana komwe kwachitika kale, osati kwa mawa. Popeza langochedwetsa dzira, kugonananso mosadziteteza masiku otsatirawa kukhoza kubweretsa mimba, choncho gwiritsani ntchito kondomu.

Kusamba kumaliseche, kukodza, kudumphadumpha kapena kumwa zinthu zowawa sikuletsa mimba, chifukwa mbewu imalowa m'chiberekero pa mphindi zochepa chabe. Kumwa mapiritsi ambiri a matenda ena pofuna kuletsa mimba kungakuwonongeni chiwindi kapena impso, ngakhale kukuphani kumene. Chonde musayese.

Nthawi yovuta kwambiri ndi yodikira, ndipo ndikumvetsa kuti mtima sukhala pansi. Patapita masiku awiri kapena atatu, mtsikana amayamba kumva nseru, mawere kuwawa, m'mimba kutupa, n'kunena kuti basi yalowa. Koma pa nthawi imeneyo mimba siingaonetse chizindikiro chilichonse. Dzira likakumana ndi mbewu limatenga masiku 6 mpaka 12 kuti likhazikike m'chiberekero, ndipo thupi limayamba kusintha pambuyo pake. Zimene mukumva sabata yoyamba nthawi zambiri zimachokera ku nkhawa, ku piritsi lija, kapena ku msambo womwe ukuyandikira. Nkhawa yaikulu imathanso kuchedwetsa msambo, ndipo piritsi lapangozi limatha kuufulumizitsa kapena kuuchedwetsa ndi masiku angapo.

Chokuuzani zoona ndi kuyeza mkodzo, koma pa nthawi yake. Kachipangizo koyezera kamafufuza mahomoni amene thupi limapanga mimba ikakhazikika, ndipo masiku oyambirira amakhala ochepa kwambiri moti saoneka. Mukayeza patangopita sabata imodzi, kakhoza kuonetsa mzere umodzi pamene mimba ilipo. Yezani kuyambira tsiku limene msambo umayenera kubwera koma sunabwere. Ngati masiku anu simuwadziwa bwino, werengani masiku 21 kuchokera tsiku limene munagonana. Gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wam'mawa, ndipo muwerenge zotsatira pa mphindi zimene zalembedwa pa pepala lake. Mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, ikutanthauza mimba. Mukapeza mzere umodzi koma msambo osabwerabe, bwerezani pakatha sabata. Amene munamwa piritsi, yezani ngati msambo wachedwa kupitirira masiku 7 kapena wabwera wochepa modabwitsa.

Ngati msambo wachedwa ndipo mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, mukutaya magazi osadziwika bwino, kapena mukuchita chizungulire mpaka kufuna kukomoka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ikhoza kukhala mimba yomera kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyo siidikira.

Pomaliza, mukapita kukafuna piritsi kapena lupu, nenaninso ngati simukudziwa momwe magazi a mwamunayo alili, kapena ngati munachita kukakamizidwa. Pali mankhwala otchedwa pepu, oteteza ku kachilombo koyambitsa Edzi, amene amamwedwa kwa masiku 28. Amenewa ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, choncho mufunse zonse ziwiri pa ulendo umodzi womwewo.