"Simusuta, eti?" si kufunsa ayi

"Kuchipatala kwathu kuno ku Angónia odwala onse amati sasuta. Ndiwafunsenso bwanji?"

Ambiri amaganiza kuti funso loti "Simusuta, eti?" n'lokwanira, koma funsolo limayankha lokha. Agogo ofwenkha fodya wamphuno kapena oika wamkamwa akakana sananame, poti sasutadi. Funsani kuti, "Mumagwiritsa ntchito fodya wamtundu uliwonse?" Akavomera, funsani kuti akadzuka amatha nthawi yaitali bwanji asanamukhudze. Ngati sipadutsa mphindi 30, chibaba chakula ndithu.

Malangizo agwirizane ndi chimene abwerera: "Bambo, chifuwachi chikukula ndi fodya, musiye." Kenako sankhani limodzi tsiku losiyira, pasanathe masabata 2. Achenjezeni kuti masiku 3 oyambirira ndi owawitsa. Dzaonaneninso sabata yoyamba yomweyo, poti ambiri amabwerera ku fodya nthawi imeneyi.