Kupanikizika pa ntchito: momwe olemba ntchito amayezera chiopsezo

Ntchito ikachuluka mopitirira, kapena munthu akamazunzidwa ndi bwana kapena anzake, thupi limaonetsa: tulo timasowa, mutu umapweteka kawirikawiri, mtima umapsa msanga, ndipo zolakwika pa ntchito zimachuluka. Kafukufuku amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la zantchito la ILO adatulutsa mu 2021 adapeza kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Ku Malawi, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati maola anthawi zonse asapitirire 48 pa sabata.

Poyeza chiopsezo, chofufuzidwa ndi ntchitoyo, osati kulimba mtima kwa wantchito. Bungwe loona za umoyo ndi chitetezo pa ntchito la HSE la ku Britain limagawa zofufuzazi m'mbali zisanu ndi imodzi: kuchuluka kwa ntchito, mphamvu zomwe munthu ali nazo pa kagwiridwe kake, thandizo lomwe amalandira, kakhalidwe ndi anzake, kudziwa bwino udindo wake, ndi momwe zosintha zimabwerera.

Yambani ndi mabuku omwe muli nawo kale: la ovataimu, la tchuthi chodwala, la madandaulo, ndi chiwerengero cha osiya ntchito. Werengani gawo lililonse palokha, chifukwa mukaphatikiza zonse, gawo lomwe likuvutika limabisika.

Kenako perekani mafunso olemba opanda dzina. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mukafunsa kuti "Kodi mumazunzidwa?" ambiri amayankha kuti ayi, poopa kuchotsedwa ntchito, kapena poti adazolowera. Funsani zochitika zenizeni: pa miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, mwakalipiridwa kangati pamaso pa anzanu? Mwabisiridwa kangati uthenga wofunika pa ntchito yanu? Zikamachitika sabata ndi sabata, kumeneko ndi kuzunza, sikungosemphana mawu. Mapepalawo asatoleredwe ndi bwana wa gawolo, ndipo ngati gawo lili ndi anthu ochepa, liphatikizeni ndi lina kuti woyankha asadziwike.

Tiyerekeze kuti m'wodi ina namwino mmodzi amatsala yekha usiku, sapuma, ndipo amapitirizanso masana mnzake akajomba. Perekani malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa kuthekera kwakuti vuto lichitike, ndi ena pa kukula kwa vutolo, ndipo muwachulukitse. Kuthekera ndi 5, poti zimachitika pafupipafupi. Kukula ndi 4, poti wotopa angalakwitse mlingo wa mankhwala. Zikupereka 20 pa 25, ndiye izi sizofunika kudikira.

Chokonza choyamba ndi ndandanda ya mashifiti ndi kupeza wolowa m'malo. Uphungu umathandiza amene wadwala kale, koma suchepetsa ntchito m'wodimo. Lembani amene akonze chilichonse ndi tsiku lake, auzeni antchito zomwe mwapeza, ndipo mubwereze mafunso omwewo pakapita miyezi ingapo kapena ntchito ikasintha.