Funde lothamanga likadzibisa ngati loyenda pang'onopang'ono

Makina a digito satha kusunga mawu kapena mphamvu ya magetsi monga zilili, zoyenderera osadukiza. Amatapa pang'onopang'ono. Amayeza kamodzi, n'kulemba nambala, n'kudikira kanthawi, n'kuyezanso. Nambala iliyonse timaitcha sampulo. Zimene zimachitika pakati pa sampulo ina ndi inzake makinawo sazidziwa, ndipo m'mpata umenewu ndi momwe mumabisala vuto limene akatswiri amalitcha eliyasing'i, kutanthauza kuti chinthu chikudziwika ndi dzina lomwe si lake.

Tembenuzani njinga, matayala aloze kumwamba, mumange kansalu kofiira pa sipoko imodzi chakumapeto kwake. Tayala likamazungulira pa liwiro losasintha, kansaluko kamakwera n'kutsika. Mukajambula papepala kutalika kwake kuchokera pa habu pa kanthawi kalikonse, pamatuluka mzere wokhotakhota bwino ngati funde la panyanja. Limenelo ndiye funde la saini. Tayala likazungulira kamodzi pa sekondi timati ndi hetsi imodzi, imene pa zipangizo zoyezera imalembedwa 1 Hz.

Tsopano tayala lizizungulira ka 9 pa sekondi, ndipo inu muzilijambula ndi kamera yotola zithunzi 10 pa sekondi. Pakati pa chithunzi china ndi chinzake, tayala layenda magawo 9 mwa magawo 10 a ulendo wake. Kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360, ndiye layenda madigiri 324, latsala ndi 36 kuti libwerere pomwe linali. Pachithunzi chachiwiri kansalu kaoneka kali kumbuyo pang'ono kwa malo ake oyamba. Pachitatu kali kumbuyo ndi madigiri 72, pachinayi ndi 108. Woona zithunzi zokhazo angalumbire kuti tayala likubwerera m'mbuyo mwaulesi, kamodzi pa sekondi. N'chifukwa chake m'mafilimu, amene nthawi zambiri amatoledwa zithunzi 24 pa sekondi, matayala a galimoto yothamanga nthawi zina amaoneka ngati akubwerera.

Tiike manambala. Tinene kuti kansalu kakafika pamwamba penipeni ndi 1, pansi penipeni ndi −1, kakalingana ndi habu ndi 0. Funde lathu ndi sin(2π × 9 × t), pomwe t ndi nthawi m'masekondi. Sampulo yoyamba ndi 0. Pa 0.1 sekondi tipeza −0.59, pa 0.2 tipeza −0.95, pa 0.3 ndi −0.95 kachiwiri, pa 0.4 ndi −0.59, ndipo pa theka la sekondi tabwerera pa 0. Tengani tsopano funde la 1 Hz loyamba ndi kutsika, −sin(2π × 1 × t), muliyeze pa nthawi zomwezo. Mupeza 0, −0.59, −0.95, −0.95, −0.59, 0. Manambala ake ndi omwewo ndendende, ndipo adzakhala ofanana mpaka kalekale.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amaganiza kuti kutapa mochedwa kumangopereka chithunzi chosaoneka bwino, chimene pulogalamu yanzeru ingathe kuchikonza pambuyo pake. Ayi. Chithunzi chimatuluka choyera bwinobwino, koma cha funde lina. Palibe nambala imene yalakwika, iliyonse inayezedwa molondola. Kungoti mafunde awiri osiyana adutsa pa timadontho tomweto, ndiponso la 11 Hz, la 19 Hz ndi ena ambiri amaoneka ngati 1 Hz pa liwiro lomweli. Kompyuta ikapatsidwa mndandandawo ilibe poyambira kusiyanitsa, motero imangotenga funde lochedwetsetsa.

Malire ake ali pati? Pa theka la ulendo wa tayala. Ngati pakati pa zithunzi ziwiri tayala layenda madigiri osafika 180, njira yaifupi yochoka pa malo akale kufika pa atsopano ndiyo njira yeniyeni imene layenda. Likapitirira 180, njira yaifupi imakhala yobwerera m'mbuyo, ndipo bodza layamba. Choncho pamafunika masampulo opitirira awiri pa kuzungulira kulikonse kwa funde lothamanga kwambiri limene lili m'chimene mukuyezacho. Awiri enieni sakwanira. Funde la 5 Hz mukalitapa ka 10 pa sekondi, mutha kumalipeza nthawi zonse likudutsa pa habu, n'kulemba 0 yekhayekha ngati kulibe kanthu. Lamuloli limatchulidwa ndi maina a Harry Nyquist, amene analemba za matelegalamu mu 1928, ndi Claude Shannon amene analifotokoza mu 1949, ngakhale Vladimir Kotelnikov wa ku Russia anali atalilemba kale mu 1933.

Lamuloli ndi lomwe linasankhitsa manambala amene timakumana nawo. Khutu la munthu wachinyamata limamva mpaka pafupifupi 20,000 Hz, ndiye nyimbo za pa sidi zimatapidwa ka 44,100 pa sekondi. Foni ya m'nyumba ya digito imatapa ka 8,000, malire ake n'kukhala 4,000 Hz, ndipo mawu amadulidwiratu cha pa 3,400 Hz. Likhweru la 5,000 Hz likanaloledwa kulowa, likanamveka ngati la 3,000 Hz, pakati pa mawu a munthu.

Ine chinandiphunzitsa ndi sikelo ya matumba a chimanga imene ndinalumikiza ku kompyuta. Inkayeza ka 10 pa sekondi, zomwe n'zochuluka kale pa thumba longokhala phee. Koma nambala inkakwera pang'ono n'kutsika pang'ono, ulendo umodzi kutenga masekondi ngati 10, nthawi zina kupitirira. Ndinayamba kukayikira mphepo, kenako thabwa la pansi, mpaka ndinatseka zitseko zonse. Wolakwa anali waya wautali wa sensa, kachipangizo komva kulemera, umene ndinaudutsitsa pambali pa chingwe cha magetsi. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo kamkokomo kake kankalowa mu wayawo. Popeza 50 amagawika ndi 10 popanda chotsala, mkokomo wa 50 Hz yeniyeni ukanangooneka ngati kulemera kowonjezera kosasintha. Koma magetsi sakhala pa 50 ndendende. Akakhala pa 50.1, chotsala ndi 0.1 Hz, ndiko kukwera ndi kutsika kamodzi pa masekondi 10.

Njira yogwirira wabodzayu ndi yosavuta: sinthani liwiro la kutapa. Funde lenileni la 1 Hz limakhalabe 1 Hz kaya mutape ka 10 kaya ka 11. La 9 Hz lija, mukatapa ka 11, limasanduka la 2 Hz. Pa sikelo yanga, nditayesa ka 11, kuyenda kwaulesi kuja kunatheratu, m'malo mwake nambala inayamba kunjenjemera cha pa 5 Hz. Thumba la chimanga silingasinthe khalidwe chifukwa ndasintha wotchi ya kompyuta.

Mankhwala ake ndi sefa ya magetsi yochotsa mafunde othamanga, koma iyenera kukhala kutsogolo, funde lisanafike pa chipangizo chotapa. Sefa ya mu pulogalamu ikabwera pambuyo yachedwa, chifukwa 50 Hz uja wavala kale nkhope ya 0.1 Hz ndipo wasakanikirana ndi kulemera kwenikweni kwa thumba. Komanso palibe sefa yodula ngati mpeni, zonse zimachepetsa mafunde pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sidi inasiya mpata pakati pa 20,000 ndi 22,050 Hz, lomwe ndi theka la 44,100. Pa sikelo ija ndinasuntha waya kuti atalikirane ndi chingwe cha magetsi, ndinaika sefa ya rezisita ndi kapasita polowera, nambala n'kukhazikika.