Kafukufuku wobwerera kwa anthu omwewo: amene asamuka asamasiyidwe

Kafukufuku wa kamodzi amafunsa anthu osankhidwa pa nthawi imodzi, ndipo akabwerezedwa patapita zaka, amasankha anthu atsopano. Angathe kutiuza kuti chiwerengero cha mabanja osauka sichinasinthe m'zaka zitatu, koma sangatiuze ngati osaukawo ali omwe aja, kapena ngati ena atuluka mu umphawi pamene ena akulowamo. Funso lotere limayankhidwa ndi kafukufuku wobwerera kwa anthu omwewo, monga amene ofesi ya boma ya kalembera ku Zomba inayamba mu 2010 ndi mabanja 3,246.

Vuto la kafukufuku wotere ndi lakuti anthu amatayika pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti mwayamba ndi mabanja 1,000 ndipo ulendo uliwonse mukusowa 10 mwa 100 aliwonse: pobwerera koyamba mupeza 900, kenako 810, kenako 729, ndipo pobwerera kachinayi atsala 656. Kuchepaku n'kodandaulitsa, koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mtundu wa anthu amene asowawo. Nthawi zambiri amakhala mnyamata amene wapeza ntchito m'tauni, mtsikana amene wakwatiwa kutali, kapena mkamwini amene wabwerera kwawo banja litatha. Mukangofunsa otsala pamudzi, zotsatira zidzaonetsa ngati moyo sukusintha, chonsecho amene moyo wawo wasintha kwambiri ndi omwe simunawapezewo.

Kuti mudziwe ngati zimenezi zachitika, bwererani ku mayankho a ulendo woyamba ndi kuyerekeza osowa ndi otsala pa msinkhu, maphunziro ndi chuma. Ngati osowawo anali ocheperapo zaka kapena ophunzirapo, ndiye kuti otsalawo sakuimiranso gulu lonse. Akatswiri a masamu angakonzeko pochulukitsa mphamvu ya mayankho a otsala ofanana ndi osowawo, koma zimene sizinafunsidwe poyamba sangazikonze.

N'chifukwa chake ntchito yosunga anthu iyenera kuyamba tsiku loyamba. Wofunsa alembe dzina la pa chiphaso, dzina limene munthuyo amadziwika nalo pamudzi ndi mfunda wake, ajambule malo a nyumba pa GPS, ndipo mwiniwake akavomera, alembenso achibale awiri kapena atatu okhala nyumba zina, pakuti nambala ya foni imasintha msanga koma malume ndi anyakwawa sasowa. Ndalama zolondolera osamuka ziikidwe padera kuyambira pachiyambi, chifukwa kupeza munthu mmodzi ku Ndirande kungatenge masiku angapo.

Mu 2013 ofufuza a ku Zomba aja analondola ngakhale anthu amene anachoka m'mabanja oyambawo n'kukamanga awoawo, ndipo mabanja ofunsidwa anakwera kufika pa 4,000. Amene wakana yekha asakakamizidwe, koma amene wangosowa ulendo umodzi asafafanizidwe m'kaundula, chifukwa ambiri amapezekanso ulendo wotsatira.